Ndipumire pati? Mawu a mvekero akumira m'ndakatulo yanga ndikamalakatula

Nangozo: Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kulakatula pagulu. Loweruka likubwerali ndikalakatula ndakatulo yanga pamwambo wina m'holo ya tchalitchi, ndipo padzakhala maikolofoni. Papepala ikundisangalatsa, koma ndadzijambula pafoni n'kumvetsera, ikungothamanga, mawu a mvekero amene ndimawadalira sakumveka n'komwe. Ndikufuna kudziwa mmene ndingalembere zizindikiro papepala langa, poti apa puma, apa kweza, apa koka. Ndime yake ndi iyi:

Mudzi wonse unali zii,
nkhuku pansi pa nkhokwe zili phee.
Amayi pamtondo thi, thi, thi,
gaga ali mbuu m'tsitsi lawo.
Kum'mawa kunada bii,
mphezi ng'ani,
kenako pamalata tho, tho, tho tho tho,
mvula waa!
Munsi uja pansi phi,
ana pwirikiti kulowa m'nyumba,
ine njo pakhomo kununkhiza dothi,
bambo, poganiza mtengo wa feteleza, ali duu.

Wa ku Joni: Asisi, ndakatulo yabwino iyi, mzere womalizawo wandiseketsa. Njira yake ndi yosavuta. Kuno ndimapita kumalo olakatulira ndipo anzathu amachita chonchi: tengani cholembera, dulani mzere kunsi kwa phatikizo lililonse lofunika kuligunda mwamphamvu, limodzi lopepuka, lotsatira lolemera, mpaka mzere kutha. Muzilemba ndi zilembo zazikulu, monga muDZI wonSE uNAli ZII. Kenako pa mpatuliro uliwonse pumani kamodzi, pa mpumiro pumani kawiri. Basi, mwamaliza.

Nangozo: Achimwene, ndayesa mokweza "muDZI wonSE" ndipo mng'ono wanga wandifunsa ngati ndikunyoza mzungu wina.

Aphiri opuma: Mng'ono wanuyo makutu ake ali bwino. A ku Joni, njira mwanenayo ndi ya Chingerezi. M'chiyankhulo chimenecho liwu lililonse lili ndi phatikizo lake logundidwa, ndiye alakatuli awo amasanja mizere potsata kugundako. Chichewa sichiyenda choncho. Ndinaphunzitsa Chichewa ku sekondale mpaka kupuma, ndipo ana ambiri ankagwera m'mbuna yomweyi akamakonzekera mipikisano.

Chimene ife tili nacho ndi ichi. Munthu akamayankhula n'kufika poima, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika lokha. Nenani kuti "ndili pakhomo" n'kusiya, mumva kuti mwanena "pakhoomo". Tsono nenani "pakhomo pathu". Kutalika kuja kwachoka pa "kho", kwapita pa "pa" wa "paathu". Simunaganize, pakamwa pachita pokha. Choncho kulemera kwa mzere wa Chichewa sikukhala m'liwu nthawi zonse, kumasamuka kutsata pamene mwaimira.

Kwa mlakatuli tanthauzo lake ndi lakuti chizindikiro chachikulu papepala ndi cha poimira. Mukasankha bwino poimira, zotalika zimadzikonza zokha. A Nangozo, musanalembe china chilichonse, lembani kamzere kopendekeka kamodzi `/` pamene muime pang'ono osakoka mpweya, ndi timizere tiwiri `//` pamene mukoke mpweya. Zina zibwera pambuyo.

Wa ku Joni: Chabwino aphunzitsi, za muDZI zija ndazisiya. Koma za mpatuliro ndi mpumiro sindinalakwe. Wolemba anaika zizindikirozo kuti owerenga apume, si choncho?

Aphiri opuma: Penapake inde. Koma mpatuliro ndi wa diso, umathandiza wowerenga chamumtima kuona pamene ganizo lagawika. Taonani mzere woyamba, mpatuliro uli pambuyo pa "zii". Poimira pofunika kwambiri m'mzere umenewo pali patsogolo pa "zii", pomwe papepala palibe kanthu. Liwu la mvekero limafuna malo lisanatuluke. Mukanena "unalizii" mothamanga, omvera amva ngati ndi mneni mmodzi wachilendo. Mukanena "unali", n'kudikira kamphindi, kenako "zii", khutu limakhala litatseguka kale kudikira chimene chikubwera. Ndi pamenepo pamene mawu a mvekero a Nangozo akumirira.

Mayi a kwaya: Ine ndikuvomereza. Kukwaya kwathu timavutika ndi zomwezi pa nyimbo zokhala ndi mawu ngati "phee". Koma a Nangozo mwana wanga, ndifunseko kaye: pamtondopo pali anthu angati?

Nangozo: Amayi okha, mayi.

Mayi a kwaya: Ndiye "thi, thi, thi" wanuyo musamuthamangitse. Munthu mmodzi akamakonola chimanga, munsi ukagunda amayenera kuukwezanso mpaka pamwamba pa mutu, ndiye pakati pa thi ndi thi mnzake pamakhala mpata. Kumveka kothamanga kuja, thi-thi thi-thi, ndi kwa anthu awiri osinja mopatsana mtondo umodzi, wina akamakweza wina akutsitsa. M'holomo mudzakhala amayi amene anakula ndi mtondo, adzamva msanga kuti mwaika anthu awiri pamene pali mmodzi. Poyeserera kunyumba kwezani dzanja ngati mwagwira munsi, mutchule "thi" pokhapokha dzanja likatsika. Liwiro lake likhala lomwelo.

Aphiri opuma: Mayi mwanena chinthu chimene ndimafuna kufikapo. M'ndime iyi muli mawu a mvekero a mitundu iwiri ndipo salakatulidwa mofanana.

Ena akutsanzira phokoso lenileni: thi wa munsi mumtondo, tho wa dontho pamalata, waa wa mvula, phi wa munsi pogwa. Amenewa mphunzitsi wake ndi chinthu chenichenicho. Funso lake ndi lakuti chimamveka nthawi yaitali bwanji, ndipo chimabwereza mwaliwiro lotani. Thi, tho ndi phi ndi maphokoso odukiza, choncho lembo la liwu lizidulidwa msanga. Mukakoka n'kukhala "thii" kapena "phii", munsi wasanduka china. Ine ndimaika kadontho pambuyo pake, `thi.`, kudzikumbutsa kuti dula.

Ena sakutsanzira phokoso lililonse: zii, phee, mbuu, bii, njo, duu. Mdima ulibe phokoso, gaga m'tsitsi salira. Amenewa amanyamula tanthauzo ndi kutalika kwake komanso malo amene mwaika mawu, pamwamba kapena pansi. "Kunada bii" mukakoka pang'ono ndi mitambo chabe, mukakoka kwambiri ndi mdima woti nkhuku zilowe m'khola. Pamenepa mlakatuli ali ndi ufulu wosankha, ndipo ndi pamene ayenera kulemba papepala kuti asasinthesinthe. Ine ndimaika madontho awiri oimirira `:` pa kukoka kwa kugunda kumodzi kwa mtima, ndi `::` pa kukoka kwa kuwiri. "Njo" yekha ndi wamfupi pagulu limeneli, chifukwa akuonetsa munthu waima chilili mwadzidzidzi.

Mizere inayi yoyamba ine ndikanailemba chonchi:

```
Mudzi wonse unali / zii:: /
nkhuku pansi pa nkhokwe zili phee: //
Amayi pamtondo / thi. / thi. / thi. //
gaga ali mbuu: m'tsitsi lawo //
```

Onani kuti pa "zili phee" sindinaike poimira patsogolo. Mukaima patsogolo pa liwu lililonse la mvekero, pofika mzere wachisanu omvera adziwa kale chizolowezi chanu ndipo ayamba kukutsogolerani. Zii ndiye akutsegula ndakatulo, apatsidwe ulemu wake. Phee angotsatira mwakachetechete.

Mnyamata wa ku Zomba: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndikuona kuti vuto ndi loti mizere yanu sikutha mofanana achemwali. Zii, phee, thi, lawo, bii. Bwanji musinthe kuti yonse izitha ndi "i"? Mwachitsanzo wachinayi ukhale "m'tsitsi". Ikamveka bwino kwambiri.

Nangozo: Zikomo achimwene, koma mawu sindikusintha, ndakatulo inatha. Funso langa ndi la kalakatulidwe.

Mayi a kwaya: Komanso mukachotsa "lawo" tsitsilo likhala la ndani, la nkhuku?

Nangozo: Aphunzitsi, ndayesa monga mwalembera ndipo zasintha ndithu. Koma ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, mwaika `/` yekha pambuyo pa zii, kutanthauza kuti mizere iwiri yoyamba ndiinene ndi mpweya umodzi. Ndikufika pa "phee" mpweya utatsala pang'ono. Lachiwiri, ndimafuna kuti anthu amve kuti gagayo ali m'tsitsi, osati pansi. Ndiligunde bwanji liwulo popanda kuchita za a ku Joni zija?

Aphiri opuma: Pa loyamba, werengani maphatikizo. Mu-dzi wo-nse u-na-li zii ndi 8. Nkhu-ku pa-nsi pa nkho-kwe zi-li phee ndi 10. Pamodzi 18, koma zii wokokedwa kawiri ndi phee wokokedwa kamodzi akudya mpweya wa maphatikizo ena angapo, ndiye muli pafupi ndi 22. Kwa ana amene ndinkawakonzekeretsa, ndinkaona kuti polakatula mokweza m'holo ambiri amayamba kupanikizika akapitirira 20. Ngati zikukuvutani ikani `//` pambuyo pa zii, palibe mlandu. Chizindikiro choti mwapyola malire n'chosavuta kuchimva pa zimene mwajambula: liwu lomaliza limatsika mphamvu n'kunjenjemera, ndipo mpweya wotsatira umamveka mukuukoka. Phee wonjenjemera si phee.

Powerenga musamale ndi "m". Mu "mtondo" ndi "mtengo" m ndi phatikizo palokha, m-to-ndo, m-te-ngo, atatuatatu. Mu "mvula" ndi "mphezi" ayi, mvu-la, mphe-zi, awiriawiri. Ambiri akamathamanga amameza m wa "pamtondo", mzere n'kutsimphina.

Pa lachiwiri, Chichewa chimatsindika pogawa mawu. Tamverani. Wina akafunsa kuti kukuchitika chiyani, mumayankha kuti "akusinja chimanga mumtoondo", zonse chingwe chimodzi, kutalika kuli kumapeto kokha. Koma akafunsa kuti akusinja chiyani, yankho limatuluka "akusinja chimaanga / mumtoondo". Mwaika malire pambuyo pa liwu lofunikalo, ndipo lalandira kutalika kwake. Simunafuule. Ndiye ngati mukufuna tsitsi limveke, gawani chonchi: gaga ali mbuu, kaime pang'ono, kenako "m'tsitsi lawo" paokha ngati gulu la mawu loima palokha. Kuima kumeneko kukwanira.

Wa ku Joni: Apa ndaphunzirapo. Koma aphunzitsi musandiuze kuti kukweza mawu kulibe ntchito. Mzere womaliza uja, nkhani yonse ili pa mtengo wa feteleza. Ine ndikanakweza pa "te", mTEngo, kuti anthu amve kuwawa kwake.

Aphiri opuma: Mukatero bambowo akhala akuganiza za mtengo wamasamba umene umabereka feteleza, ndipo ukanakhalapo sakanakhala duu. Mtengo wa m'nkhalango mawu amakwera pa "te". Mtengo wa pamsika mawu amayenda pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Malamulo athu a kalembedwe, ngakhale aja anakonzedwanso mu 1990, salemba kukwera ndi kutsika kumeneku, timangodziwa ndi khutu. Akatswiri ngati a Sam Mchombo ndi a Al Mtenje analemba zambiri pa nkhaniyi, koma aliyense woyamwa Chichewa amazichita tsiku ndi tsiku osaganiza. Vuto limabwera papulatifomu, mantha akagwira munthu n'kuyamba kukweza paliponse pofuna kumveka wamphamvu.

Kukweza kuli ndi ntchito ndithu, a ku Joni, koma kwezani mzere wonse pamodzi kapena muutsitse wonse pamodzi, nyimbo ya m'kati mwa liwu muisiye mmene ilili. Pamene muli ndi ufulu wokweza liwu limodzi palokha ndi pa mawu a mvekero. Ine ndimalemba `^` patsogolo pa loti lipite pamwamba ndi `_` patsogolo pa loti lipite pansi. Ndipo a Nangozo, pa "mtengo" lembani kamzere kowongoka kunsi kwake, kukukumbutsani kuti apa yenda pansi.

Wa zokuzira mawu: Ndiloleni ndilowepo ine wa zingwe. Ndimabwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi misonkhano, ndipo ndakatulo yanuyi achemwali ili ndi misampha ya maikolofoni yambiri. Thi, tho, phi, phee, nkhokwe, pakhomo, onsewa amatuluka ndi mpweya. Yesani kugwira kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo, munene "pita" kenako "phi". Pa "pita" kapepala kangogwedera pang'ono, pa "phi" kauluka. Mpweya umenewo ukalowa mwachindunji m'maikolofoni, m'masipika mumatuluka "bhu" wogontha, ndipo anthu samva phi wanu, amamva kuphulika.

Mankhwala ake: maikolofoni akhale kutali ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi chotambasula, ndipo muwapendeketse pang'ono cha kumbali kuti mpweya uzidutsa pamwamba pake. Pa "waa" abwezeni kutali kapena mubwerere m'mbuyo phazi limodzi, chifukwa wapamakina akadzamva kufuula adzatsitsa mawu mwamsanga, ndiye mzere wotsatira sudzamveka. Pa zii ndi duu yandikirani. Zimenezinso zilembeni m'mphepete mwa pepala, "kutali", "pafupi".

China, holo ya tchalitchi ya simenti ndi malata imabweza mawu. "Tho tho tho" wothamanga adzaphatikizana kukhala phokoso limodzi. Fikani msanga, muombe m'manja kamodzi muli papulatifomu, mumve kuti kulira kwake kukutha liti. Poimira panu pafupi pasakhale pofupika kuposa pamenepo. Koma dziwani kuti anthu akadzaza kubweza kuja kumachepa.

Nangozo: Za "waa" zija zandithandiza, ndimangoganiza zofuula ndi mphamvu zonse. Tsono gawo lapakatilo ndi lomwe likundivuta kwambiri. Ndalilemba chonchi, ndiuzeni ngati ndasochera:

```
Kum'mawa kunada / _bii:: //
mphezi / ^ng'ani. //
kenako / pamalata / tho. / tho. / tho. tho. tho. //
mvula / ^waa:: //
Munsi uja / pansi / phi. //
ana / pwirikiti / kulowa m'nyumba //
```

Aphiri opuma: Mizere iwiri yoyambayo ndasangalala nayo. Bii pansi, ng'ani pamwamba ndi modula, kusiyana kumeneko ndiko mphezi yeniyeni pamtambo wakuda. Kuchokera pamenepo mwachulutsa poimira. Kumbukirani zija tinayamba nazo, kuti poimira paliponse pamakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu la patsogolo pake. Mmene mwalemberamu pakamwa panu patulutsa "kenaako, pamalaata, mvuula, uuja, paansi, aana". Kumeneko ndi kulakatula kokoka kumene kwafala masiku ano, liwu lililonse likulira, ndipo mvula yanu ifika itatopa. Poyamba munkathamanga ponse, tsopano mukuima ponse. Ndimeyi ikufuna kuti iyambe pang'onopang'ono, ithamange pakati, idzaime kumapeto. Ine ndikanachita izi:

```
kenako pamalata / tho. // tho. / tho. tho. tho.
mvula ^waa:: //
Munsi uja pansi phi. /
ana pwirikiti kulowa m'nyumba //
```

Pakati pa tho woyamba ndi wachiwiri pali mpata waukulu, ndipo ndi pamene mukokere mpweya wokwanira kukafika pa waa. Mipata ikuchepa mpaka kutheratu, ndipo pambuyo pa tho womaliza palibe kuima ngakhale mzere watha papepala, mugwere mu "mvula waa" nthawi yomweyo. Mvula yoyamba pamalata imayamba choncho. Pa "pansi phi" sindinaike poimira chifukwa kugwa kwa munsi n'kodzidzimutsa, mukakudikiritsa sikudzidzimutsanso.

"Pwirikiti" samalani naye. Mawu a mvekero satsata lamulo lija la kutalika. Maphatikizo ake anayi onse ndi aafupi ndi othamanga, pwi-ri-ki-ti, monga timanenera "balamanthu". Mukaima pambuyo pake pakamwa pangathe kukunyengani kunena "pwirikiiti", ndiye anawo akhala akuyenda mwaulesi mvula ikuwanyowetsa.

Mayi a kwaya: Apa ine ndisiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Pa "mvula waa" ine ndikanasiya kampata kakang'ono. Mwanena nokha kuti liwu la mvekero limafuna malo, ndipo waa ndiye pachimake pa ndime yonse. Popanda kampatako anthu amva "mvulawaa", ngati akuitana munthu dzina lake Mvula.

Aphiri opuma: Mfundo yanu ndi yomveka mayi. Ine ndikudalira kukwera kwa mawu kuti ndiko kulekanitse, "mvula" pansi, "waa" pamwamba. Koma zimatengera mawu a munthu. Wa mawu aang'ono amene sangathe kudumpha kwambiri, kampata kanu kamuthandiza. A Nangozo ajambule njira zonse ziwiri, amvetsere ali kutali ndi foni.

Mnyamata wa ku Zomba: Funso langa ndi lina. Munsi ukagwa pansi umati phi? Kwathu timati khu. Phi ndi thumba la chimanga kapena munthu akagwa chagada.

Mayi a kwaya: Zimatengera pamene wagwera. Padothi la pabwalo lofewa ndi phi ndithu. Pasimenti kapena ukagunda mtondo ndi pamene pamamveka kuuma.

Mnyamata wa ku Zomba: Koma dothi la mwezi wa Novembala mvula isanagwe ndi louma gwa, mayi.

Nangozo: Ha, apa mwandigwira achimwene. Ndiganizirabe, ngakhale ndinati sindisintha mawu. Khu alinso ndi ubwino woti sakufanana ndi thi wa pamwamba uja.

Wa zokuzira mawu: Kwa ine khu ndi wabwinoko, mpweya wake suwomba maikolofoni ngati wa phi, poti milomo sitsekeka.

Nangozo: Kwatsala mizere iwiri yomaliza. Ndikamafika pa "duu" anthu a kunyumba akuseka ndisanamalize, ena sakudziwa kuti ndatha.

Aphiri opuma: Mzere womaliza uli ndi maphatikizo 17, choncho kokani mpweya wonse pambuyo pa "dothi". Ndikanaulemba motere:

```
ine / njo. pakhomo kununkhiza dothi //
bambo / poganiza mtengo wa feteleza / ali / _duu: ///
```

Pambuyo pa "bambo" kaimeni kuti maso a anthu achoke pa inu apite pa bambowo. "Poganiza mtengo wa feteleza" munene mopanda kukometsera, ndi mawu wamba a tsiku ndi tsiku, nkhope osaseka. Anthu adzaseka pa "feteleza", zimenezo n'zosapeweka ndipo n'zabwino. Poimira pa pambuyo pakepo ndi pa iwo, dikirani kuseka kutsike. Mukapitiriza kuseka kuli pamwamba, "ali duu" atayika, ndipo ndi chimene chikuchitika kunyumbako. Duu musamukoke ngati zii, kamodzi kokha, pansi. Timizere titatu tija ndi kuwerenga chamumtima mpaka katatu musanasunthe, musanatsitse pepala, musananene zikomo. Kutsitsa pepala ndi kumene kumauza anthu kuti mwatha.

Wa ku Joni: Nanga manja? Kuno munthu sangalakatule "njo" osaimika thupi, kapena "mbuu" osagwira kumutu. Agogo anga pokamba nthano mawu oterewa sankatuluka popanda dzanja.

Aphiri opuma: Agogo anu ankachita bwino, mvekero ndi dzanja zimayendera limodzi pakukamba kwathu. Koma iwo analibe pepala dzanja lina ndi maikolofoni dzanja lina. Ine ndinkalola ana malo awiri okha pa ndime, kuopa kuti ingasanduke sewero.

Mayi a kwaya: Awiri achepa aphunzitsi. Munsi, madontho, mphezi, zonsezo zikupempha dzanja. Aloweze ndakatuloyo pamtima, pepala alisiye pampando.

Nangozo: Kuloweza ndaloweza mayi, koma zizindikirozi ndi zatsopano, ndikuopa kuti ndikasiya pepala ndibwerera ku liwiro langa lakale. Mwina ndilisindikize ndi zilembo zikuluzikulu, ndiliike pa choikapo mabuku cha kutsogolo kuti manja akhale omasuka.

Wa zokuzira mawu: Mukatero pemphani maikolofoni a pachoimikira, ndipo muuze wapamakina mwambo usanayambe kuti pali mzere umodzi wofuula ndi iwiri yonong'ona, asakhudze mabatani. Mumuonetse pepalalo, aone pamene pali "waa". Zolemba zanu zikhale ndi cholembera chofiira kapena chakuda chonenepa, pensulo sioneka pansi pa magetsi a m'holo.